Neti, mankhwala odzola kapena gozi wapawindo: kodi n'chiti chimagwira pati usiku wa ku Mangochi?

Nkhani ya udzudzu yayamba kusokoneza anthu kuno. Wina akuti maneti amasiku ano alibe mphamvu, udzudzu ukumatera paneti n'kuuluka bwinobwino. Wina anamva pa wailesi kuti mu Ogasiti 2025 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza tinthu topachika pakhoma tothamangitsa udzudzu, nde akufunsa ngati neti yatha ntchito. Winanso wangomanga nyumba ku Mpondasi, kalipentala akumuuza kuti aike gozi waya m'mawindo basi nkhani yatha. Onsewa pali chimene akunena choona, koma akukambirana ngati zinthu zitatuzi zimagwira ntchito imodzi, pomwe chilichonse chili ndi malo ake komanso maola ake a usiku. Musanatulutse ndalama, funso loyamba likhale lakuti, ine udzudzu umandipeza nthawi yanji, ndili pati, ndipo walowera pati?

Tiyambe ndi udzudzuwo

Si udzudzu wonse umene umapereka malungo. Umene umalira kwambiri kukhutu n'kukusowetsani tulo nthawi zambiri ndi wa mtundu wa kyuleksi, womwe umaswana m'zimbudzi ndi m'madzi akuda a m'ngalande, ndipo umenewu supereka malungo ngakhale umaluma mopweteka. Wa malungo ndi anofelesi wamkazi. Mukhoza kuwasiyanitsa mmawa pakhoma: anofelesi akatera amaima chopendekera, mutu pansi kumbuyo m'mwamba, pomwe kyuleksi thupi lake limakhala chogona motsata khomalo. Kuti udzudzu ndi umene umanyamula kachirombo ka malungo zinadziwika mu 1897, atazipeza dokotala wina dzina lake Ronald Ross ku India.

Kuno kwathu anofelesi alipo wamitundu ingapo, ndipo n'chifukwa chake ku Mangochi malungo sathera pa dzinja lokha. Wina amaswana m'zithaphwi za mvula, m'maenje oumbira njerwa ndi momwe mwaponda ng'ombe, ameneyu amachuluka Januwale mpaka Epulo. Wina, wotchedwa funesitasi, amakonda madzi osaphwa okhala ndi udzu ndi bango, ngati m'mphepete mwa Shire, ku Malombe ndi m'madambo a m'mbali mwa nyanja, nde iye amapitirirabe ngakhale mvula itasiya kalekale. Funesitasi amakonda magazi a munthu, amaluma kwambiri mkati mwa nyumba usiku anthu atagona mpaka mbandakucha, akakhuta n'kupumira pakhoma.

Pali mfundo imodzi yomwe ndikufuna muigwire chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pamenepa. Udzudzu ukaluma munthu wodwala sungapatsire wina tsiku lomwelo. Kachiromboko kamafuna masiku 10 mpaka 14 kali m'thupi mwa udzudzu kuti kakhwime kafike m'malovu. Pa masiku amenewo udzudzuwo umafuna magazi masiku awiri kapena atatu alionse, kutanthauza kuti umabwera kangapo m'nyumba usanakhale woopsa. Ukafa pa ulendo umodzi mwa maulendo amenewa, malungo aja afera momwemo. Nde pali kusiyana kwakukulu pakati pa chinthu chopha udzudzu, chinthu chongouthamangitsa, ndi chinthu choutsekera panja.

Neti

Neti yamankhwala imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, imatchinga komanso imapha. Munthu wogona mkatimo ndiye amakoka udzudzu ndi mpweya wake ndi fungo la thupi, udzudzu ukabwera umatera paulusi womwe uli ndi mankhwala, umayendayenda kufuna polowera, mankhwala aja n'kuulowa kudzera m'miyendo. Ndiye amene wagona m'neti akuthandizanso mnzake wa nyumba ina, chifukwa udzudzu umene wafera kwa iye sufikanso kwina. Kafukufuku wamkulu wa m'zaka za m'ma 1990 ku Gambia, Ghana, Kenya ndi Burkina Faso ndi amene anaonetsa kuti m'midzi momwe anthu ambiri amagona m'maneti amankhwala, imfa za ana aang'ono zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6.

Akuluakulu mukukumbukira maneti a Chitetezo, omwe anayamba kugulitsidwa ku Blantyre mu 1998 kenako n'kufalikira dziko lonse, aja ankafuna kunyikidwanso ndi Mbwezera Chitetezo pakapita miyezi. Ambiri sankanyikanso, n'chifukwa chake anabwera maneti amene mankhwala ake amaikidwiratu mu ulusi ku fakitale. Amenewa amapangidwa kuti apirire kuchapa ka 20 ndi kukhala zaka 3, ngakhale kunena zoona m'nyumba zathu za mphasa, makoswe ndi ana ambiri, neti zambiri zimang'ambika zaka zitatuzo zisanakwane. Kuyambira 2012 boma lakhala likugawa maneti aulere kwa anthu onse pakapita zaka zingapo, powerengera neti imodzi pa anthu awiri, kuphatikiza amene amaperekedwa kusikelo kwa amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene.

Nanga zoti maneti atha mphamvu? Apa pali choona. Kwa zaka zambiri maneti onse ankaikidwa mankhwala a banja limodzi lotchedwa pairethiroidi, ndipo udzudzu wathu, makamaka funesitasi, unafika powazolowera, thupi lake limaphwanya mankhwalawo asanaupweteke. Yankho loyamba linali maneti olembedwa PBO, omwe WHO inavomereza mu 2017. PBO payokha siipha, ntchito yake ndi kutseka njira yomwe udzudzu umaphwanyira mankhwala kuti pairethiroidi uja agwirenso ntchito. Yankho lachiwiri ndi maneti osakaniza ndi mankhwala ena atsopano otchedwa kolofenapa, omwe anavomerezedwa mu 2023 atayesedwa ku Tanzania ndi ku Benin, komwe malungo mwa ana anatsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi maneti akale aja. Koma tamverani izi, chifukwa ndi pamene anthu akusokonezekera: kolofenapa sagwetsa udzudzu pompopompo. Amautha mphamvu pang'onopang'ono, umakafa patapita tsiku limodzi mpaka atatu. Nde kuona udzudzu watera paneti n'kuuluka si umboni woti netiyo ndi yabodza. Komanso kyuleksi wolira uja nayenso anazolowera mankhwala, mutha kumamumva usiku onse pomwe anofelesi akufa ndithu.

Chimene chimagwetsa neti kawirikawiri si mankhwala koma kagwiritsidwe. Yatsopano muyanike pamthunzi kwa maola 24 musanagonemo, apo ayi imayabwa kumaso, ndipo anthu ambiri anaidera pomwepo usiku woyamba. Pochapa, sopo wamba ndi madzi ozizira, osaika jiki, osakhula pamwala, kuyanika pamthunzi osati padzuwa. Ipisireni pansi pa matiresi kapena mkeka mbali zonse, ndipo ikhale yotakasuka, chifukwa chigongono kapena bondo likagunda neti udzudzu umaluma podutsa ulusi, makamaka uja wosamva mankhwala. Mabowo muziwayeza ndi thupi lanu: lolowa chala chachikulu sokani lero lomwe, lolowa chibakera likhoza kusokedwa kapena kumangidwa mfundo, koma ngati pali angapo olowa mutu netiyo yatha. Ndipo musamangoyang'ana m'mbali, yang'ananinso kudenga la neti, popeza fungo la munthu limakwera m'mwamba ndipo udzudzu wambiri umasonkhana pamenepo, moti maneti ena a PBO mankhwala owonjezerawo anawaika kudenga kokha. Mukadzuka mmawa n'kupeza udzudzu wofiira mimba mkati mwa neti, dziwani kuti pali bowo kapena simunapisire bwino.

Malire a neti ndi oonekeratu, imateteza munthu amene ali mkati basi. Amene akudya nsima pabalaza 7 koloko, mwana amene akuwerenga, mayi amene wadzuka kukaphika daku mwezi wa Ramadani, onsewo neti yawo ili kuchipinda yokha. Komanso kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kwamasewera, anthu amatuluka kukagona pakhonde, ndipo ochepa kwambiri amanyamula neti. Za nsikidzi ndinene mwachidule: neti siibala nsikidzi, zimakhala zili kale m'ming'alu ya bedi ndi khoma, kungoti paneti zimapeza pobisala m'misoko ndipo zimaoneka msanga. Zogwirira kasawala ndi usipa pa neti ija nazo zimandiwawa, tikuluza kuwiri, mwana akugona pamtunda komanso chambo chamawa chikutha.

Zothamangitsa: zodzola, makoyilo ndi zopachika

Apa anthu amasakaniza zinthu zitatu zosiyana pansi pa dzina limodzi.

Zodzola pakhungu siziupha udzudzu, zimangousokoneza fungo kuti usatere pa inu. Odziwika kwambiri ndi amene pabotolo pamalembedwa DEET, omwe anapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1940 poyamba kuti azidzola asilikali, n'kuyamba kugulitsidwa kwa anthu wamba mu 1957. Ena amalembedwa Picaridin kapena Icaridin, amenewa sanunkha kwambiri ndipo sasungunula pulasitiki ngati mmene DEET amachitira ndi wotchi kapena magalasi. Nambala ya peresenti yomwe ili pabotolo imakuuzani kutalika kwa nthawi, osati ukali: wa 10 peresenti amagwira mwina maola awiri, wa 20 mpaka 30 peresenti maola angapo, ndipo kupitirira 50 peresenti palibe chimene mumapindulapo kwenikweni. Thukuta limafupikitsa nthawi imeneyi, nde kuno kotentha muzichotserako. Amadzolwa pakhungu loonekera lokha, makamaka akakolo ndi mapazi komwe anofelesi amakonda munthu akakhala pansi, osati pachilonda, m'maso kapena m'manja mwa mwana amene amayamwa zala, ndipo khanda losakwana miyezi iwiri salidzoza.

Nde werengani nokha. Mwadzola 8 koloko madzulo, pofika 1 kapena 2 koloko mphamvu yatha, ndendende nthawi imene funesitasi ali pakalikiliki, ndipo palibe amene amadzuka pakati pa usiku kukadzolanso. China, udzudzu umene wakukanani inu sunafe, umapita kwa amene wagona pambali panu wosadzola, kawirikawiri mwana. Akatswiri atayesa kugawa mankhwala odzola m'midzi yathunthu sanapeze umboni womveka woti malungo akutsika, kwakukulu chifukwa anthu sadzola tsiku lililonse, n'chifukwa chake WHO siwawerengera ngati njira yotetezera mudzi. Koma kwa munthu mmodzi pa maola owerengeka amagwira ndithu, mlonda, mlovi amene akudikira pagombe kuti alowe m'madzi, wogona pamaliro, mwana wa sukulu pa nthawi yowerenga.

Makoyilo anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1890. Koyilo imodzi imayaka maola 6 mpaka 8 ndipo utsi wake umachepetsadi kulumidwa m'chipinda, koma mankhwala ake ndi a banja lomwe lija la pairethiroidi, umboni woti amachepetsa malungo ndi wofooka, ndipo utsiwo mumaupuma usiku onse, zomwe si zabwino kwa khanda kapena munthu wa mphumu. Moto wake nawo uli pafupi ndi neti ndi zofunda. Dumu wopopera amapha umene uli m'chipinda panthawiyo, wobwera pakati pa usiku amaupeza wapita. Zathu zachikuda, mpungabwi, chanzi, masamba a nimu pamoto, sindizinyoza, fungo lake limathamangitsadi udzudzu, vuto ndi loti limauluka msanga, mphindi zochepa kapena ola limodzi latha. N'zothandiza pocheza pakhonde, osati zogonera.

Zopachika zomwe zatchuka pa nkhani za 2025 zija ndi kapepala kapena kansalu konyikidwa mankhwala otchedwa tiransifuluthirini, omwe amauluka okha pang'onopang'ono popanda moto kapena magetsi. Mumapachika tingapo pakhoma molingana ndi kukula kwa chipinda, ena amagwira mwezi umodzi, ena anapangidwa kuti afike chaka. Ku Busia m'dziko la Kenya, m'midzi momwe anthu anali kale ndi maneti, tinthu timeneti tinachepetsa kutenga malungo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mawu ofunika ndi amenewo, anali kale ndi maneti. WHO inavomereza kuti tiziwonjezeredwa pamwamba pa neti, sinanene kuti tilowe m'malo mwake.

Gozi waya, ndi mpata umene kalipentala sakuuzani

Njira imeneyi ndi yakale kuposa neti yamankhwala. Cha m'ma 1899 ndi 1900 ku Italy, dokotala wina dzina lake Angelo Celli anaika waya m'mawindo ndi m'zitseko za nyumba za anthu ogwira ntchito kunjanji, ndipo malungo anatsika kwambiri m'nyumba zimenezo poyerekeza ndi zosaikidwa. Ubwino wa gozi ndi woti amateteza aliyense amene ali m'nyumba, kuyambira dzuwa litalowa mpaka kucha, wogona ndi wokhala tsonga yemwe, popanda wina kukumbukira kupisira kapena kudzola. Amalolanso kuti mugone mawindo ali otsegula mphepo ya kunyanja izilowa, zomwe zimapangitsa kuti ngakhale neti ipiririke nthawi yotentha. Koma sapha, udzudzu umangobwerera kukayesa nyumba ina.

Tsono apa ndi pomwe ndalama za anthu zimatayika. Anofelesi salowera pawindo kwenikweni. Taganizirani utsi wa m'khitchini mmene umatulukira, umakwera n'kutulukira pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Fungo la anthu ogona limatsata njira yomweyo, udzudzu umabwera chouluka m'munsi potsata fungolo, ukagunda khoma umakwera m'mwamba, denga lotulukira panja lija n'kuutsogolera kulowa pampatapo. Ndiye nyumba yokhala ndi gozi wokongola m'mawindo koma pamwamba pa khoma pali pululu, ntchito yagwiridwa pang'ono chabe. Ku Gambia anayesa nyumba pafupifupi 500 mu 2006 ndi 2007, zina anatseka mipata ndi kuika gozi m'mawindo ndi m'zitseko, zina anaika siling'i ya neti, ndipo udzudzu wolowa unatsika ndi pafupifupi theka, kuchepa kwa magazi mwa ana nakonso kunatsika. Theka, osati wonse. WHO inavomereza njira yotchinga nyumbayi mu 2021, ngati yowonjezera.

Kwathu konkuno zinayesedwanso, ku Chikwawa m'midzi yozungulira Majete pakati pa 2016 ndi 2018, anthu eniake ankatseka mipata ndi njerwa ndi dothi n'kuika gozi m'mawindo. Zotsatira zake sizinaonetse kutsika kwa malungo kowonjezera pamwamba pa zimene maneti ndi chithandizo cha kuchipatala zinkachita kale. Izi sizikutanthauza kuti gozi ndi wachabe, koma zikutichenjeza kuti nyumba yotsekedwa mwa apo ndi apo siisiyana kwambiri ndi yosatsekedwa, kampata kakang'ono kotsala udzudzu umakapeza chifukwa fungo lonse limatulukira pomwepo.

Pogula, tibowo ta goziyo tisapose milimita imodzi ndi theka. Wachitsulo wamba ndi wotchipa koma amachita dzimbiri msanga m'chinyontho cha kunyanja kuno, mumayamba kuona madontho ofiira kenako akungothetheka mukagwira. Wa aluminiyamu amakhalitsa, wa pulasitiki sachita dzimbiri koma dzuwa limamuphwanya ndipo ana ndi makoswe amaboola mosavuta. Mukhomeni ndi timatabwa topyapyala m'mbali zonse, osati misomali yokha, chifukwa amang'ambikira pamsomali. Ndipo chitseko muchiyang'ane, mpata wa pansi pake, komanso chizolowezi chochisiya chotsegula madzulo, chimenechi chokha chikhoza kufafaniza ntchito yonse.

Tiyese pa nyumba imodzi

Tiyerekeze banja la anthu 7 cha ku Namiyasi, nyumba ya njerwa ya malata, mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi, yopanda siling'i. Bambo ndi mlovi, mayi ndi oyembekezera ndipo amagona pabedi ndi mwana wa zaka 2, agogo amagona pamkeka ndi mdzukulu wamkazi, anyamata awiri a pulayimale amayala pabalaza. Maneti alipo awiri, ya pabedi ili bwino, ya agogo ili ndi mabowo awiri olowa chibakera. Apeza kandalama ka usipa, akufunsa agule chani.

Choyamba kuwerenga si anthu koma malo ogona, alipo atatu, maneti awiri. Anyamata aja ndi amene ali pamtunda, ndipo izi si za banja ili lokha, kafukufuku wa kuno ku Malawi anaonetsa kuti ana a msinkhu wa sukulu ndi amene amagona m'neti mochepa kuposa onse pomwe ndi amene amapezeka kwambiri ndi tizirombo ta malungo m'magazi, nthawi zambiri osadwala n'komwe, udzudzu n'kumatenga kwa iwo kupatsira mng'ono wawo ndi mayi awo. Nde neti yachitatu ndi singano ndi ulusi wa neti ya agogo ndi zimene zikutseka dzenje lalikulu pa mtengo wochepa. Vuto la pabalaza ndi loti neti imafunika kuchotsedwa mmawa uliwonse, yankho lake ndi misomali inayi yokhazikika ndi zingwe zokhala ndi mfundo zokolekera, kuti kumanga kusakhale ntchito yoti mwana wotopa aizembe.

Tsopano nyumba. Mawindo alipo 4, lililonse masentimita 90 ndi 100. Gozi wa mpukutu wotambalala masentimita 120 mudula mita imodzi pa windo lililonse kuti patsale popinda, mamita 4. Maventi 6 ang'onoang'ono atenga theka la mita. Koma yezani pamwamba: mpata wa masentimita 10 pakati pa khoma ndi malata m'mbali ziwiri zazitali zija, mamita 16 onse pamodzi, ukukwana malo okula ngati pafupifupi mawindo awiri osiyidwa pululu usiku onse, pamalo penipeni pomwe udzudzu umakonda kulowera. Banja limeneli likagula mamita 5 a m'mawindo okha, liona kusintha kochepa ndipo linena kuti gozi ndi bodza. Mpatawo akhoza kuutseka ndi njerwa ndi dothi, zomwe sizifuna ndalama koma zimawonjezera kutentha, kapena kudula gozi m'timizere ta masentimita 20 n'kukhoma pathabwa la denga ndi pakhoma, zomwe zifuna mamita ena 3 koma mpweya uzidutsabe. Kuno kotentha ine ndimaona kuti yachiwiriyi ndi imene anthu angakhale nayo osaigumula Okutobala akafika. Onse pamodzi mamita 8. Ndipo nyumba ikatsekedwa chonchi mbaula ya makala isalowenso m'kati nthawi ya mwera, mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Bambo aja neti ndi gozi siziwakhudza masiku amene ali kugombe, iwo ndi amene botolo la odzola lili ndi phindu, pamodzi ndi buluku ndi malaya aatali manja. Kudzoza banja lonse la anthu 7 usiku uliwonse botolo silingathe sabata zingati, ndipo silifika mbandakucha.

Kuti mudziwe ngati zikugwira, mmawa musanatsegule chitseko yang'anani ndi tochi m'makona a khoma, kuseri kwa zovala zopachika ndi pansi pa bedi, muwerenge udzudzu woima chopendekera uja, makamaka wofiira mimba. Chitani zimenezi masiku angapo musanakhome gozi ndi masiku angapo mutakhoma, m'nyengo yomweyo. Ngati sukutsika, zimitsani nyale masana mutseke zonse muone pomwe kuwala kukulowera, pamenepo ndi pomwe patsala. Musaweruze ndi kudwala kwa sabata yoyamba, malungo amatenga masiku 7 kapena kuposa, nthawi zambiri 10 mpaka 15, kuti aonekere munthu atalumidwa, nde mwana amene watentha thupi patangopita masiku atatu analumidwa kale ntchito isanagwiridwe. Ameneyo apite kukayezetsa tsiku lomwelo, ndipo mayi aja mankhwala a kusikelo asasiye ngakhale nyumba itatsekedwa bwanji.

Banja lina yankho likhala lina. Wa lendi pa Boma sangagumule kapena kumata khoma la eni ake, ndalama zake zili bwino pa neti yomwe anganyamule posamuka. Wa nyumba ya siling'i ndi zitseko zokhala bwino, gozi wa m'mawindo ndi maventi amamupatsa zambiri pa ndalama zochepa. Wa nyumba ya udzu ku Makanjira, komwe denga limafuna kufoleredwa kawirikawiri ndipo mipata imabwereranso, kutseka nyumba ndi ntchito ya chaka chilichonse.

Zomwe akatswiri akulimbana nazobe

Funso loyamba ndi la maola. M'madera ena a mu Africa apeza funesitasi akuluma mochedwa mmawa, anthu atatuluka kale m'neti, ndipo mtundu wina wa anofelesi umaluma panja madzulo. Kaya udzudzu ukusintha khalidwe chifukwa cha maneti, kaya unkachita kale koma tikuuona tsopano poti wa pakati pa usiku wachepa, akatswiri sanagwirizane. Kwa ife amene timadzuka usikusiku kupita kunyanja, kumunda kapena kumzikiti, yankho lake lisintha kulemera kwa neti poyerekeza ndi zinazi.

Lachiwiri, kodi maneti atsopanowa agwira zaka zingati udzudzu usanawazolowerenso? PBO amadziwika kuti amachepa mphamvu paneti zaka zitatu zisanathe, ndipo funso loti maneti azigawidwa zaka zitatu zilizonse kapena ziwiri likukambidwabe, pamodzi ndi loti ndalama zake zichokera kuti pamene thandizo lakunja likuchepa. Mangochi inali m'gulu la maboma omwe nyumba zinkapoperedwa mankhwala m'makoma kuyambira 2019, ndipo kusankha pakati pa kupopera ndi maneti atsopano nakonso ndi nkhani ya ndalama yomweyo.

Lachitatu ndi la zopachika zija. Mankhwala ake ndi a banja lomwe lija la pairethiroidi, nde agwira bwanji pa funesitasi wathu wosamva uja, komanso m'nyumba zopita mphepo ngati za m'mbali mwa nyanja momwe fungo lingauluke msanga? Ndipo udzudzu umene wathamangitsidwa m'nyumba ya amene wakwanitsa kugula, kaya ndi zopachika kaya ndi gozi, umapita kwa ndani? Ku Ivory Coast anayesa kuphatikiza ziwiri, kutseka nyumba n'kusiya timapaipi pamwamba pa khoma tokhala ndi kaneti ka mankhwala kuti udzudzu wotsata fungo uzifera pomwepo, ndipo malungo mwa ana anatsika ndi 38 peresenti. Chomwe sichinasiyanitsidwe pa kafukufuku ameneyo ndi choti phindulo linachokera kwambiri ku kutseka nyumba kapena ku timapaipito, komanso ngati banja wamba lingakwanitse mtengo wake popanda wolithandiza.